Mayi Chikole Agula Makina Osokera

Pamsika ponse ankawatchula Mayi Chikole, chifukwa telala ameneyu sankagwira sizasi asanalandire theka la ndalama. Ngakhale mng'ono wawo weniweni analipiriratu diresi la ukwati. "Chibale n'kunyumba, kuno n'kuntchito," ankatero, ulusi uli pakamwa. Kwa iwo munthu aliyense anali wakuba amene sanapeze mpata chabe.

Makina awo atayamba kudula ulusi, anaona ena pafoni, onyezimira, otchipa, mwini wake ali kutauni ina. Ndalama zinalipo, koma sizinali zawo. Zinali zikole za makolo amene anaoda mayunifolomu, ndipo sukulu inali pafupi kutsegulira.

Mwana wawo wamkazi anayesa kuwalangiza. "Amayi, kwerani basi mukawaone, mukasokerepo kansalu, mukalipire ponyamula."

"Nditseke shopu tsiku lathunthu?"

"Ndiye ndalamazo apite nazo bambo aang'ono. Amadutsa konko ndi lole. Akapereke makina ali m'manja."

"Mlamu wanga uja? Ambulera yanga anabwereka ija unaionanso?"

Wogulitsa uja, atamva pafoni kuti mayi akukayika, anawayamikira kwambiri. "Madamu, ndinu ochenjera. Ine musanditumizire ngakhale khobidi, dziko laipa. Pali ejenti wina woopa Mulungu. Iyeyo asunga ndalama, ine andipatsa ndalamazo makina akakufikani." Nambala ya ejentiyo anapereka yekha.

Mayi Chikole mtima unakhala pansi, poti anapeza mnzawo wodziwa kuti anthu ndi akuba. Sanafunse kuti ejentiyu akudziwika ndi ndani, ofesi yake ili pati, kapena ndalama zibwerera bwanji makina akapanda kufika. Mbuzi anazisungitsa kwa mbusa wosankhidwa ndi fisi. Anatumiza zonse, n'kuuza oyandikana nawo kuti kugula zinthu pafoni kumafuna mutu.

Tsiku lolandira katundu anavala bwino n'kupita kudepoti. Mabasi anatsitsa matumba, matayala, ngakhale bedi, koma makina ayi. Foni ya wogulitsa inali yozima. Ataimbira ejenti, iye anayankha ndi mawu a tulo, ataiwala kuwasintha. Anali mawu a wogulitsa yemwe uja.

"Madamu," anatero, n'kudula.

Mayi Chikole anaona m'maganizo nkhope za makolo aja mmodzimmodzi, ndipo manyazi anawapweteka kuposa ndalamazo. Kunyumba anangoti, "Makina achedwa pamsewu."

M'mawa mwake anatseka shopu n'kubwerera kudepoti, poti kumeneko kunalibe wofunsa za yunifolomu. Mkuja wakenso chimodzimodzi. Pofika kumapeto kwa sabata, wonyamula katundu wina anali atawazolowera. Anawakokera benchi pamthunzi.

"Mayi, katundu wanuyo akuchokera kutali, eti?"

"Kutali kwambiri, bambo," anayankha, n'kukhala pansi.