Funso Limene Linabweza a Reinford Kumudzi

A Reinford Chadewa aphunzitsa masamu zaka zoposa makumi awiri pasekondale yoyendera ya kuseri kwa phiri, ulendo wa maola awiri panjinga kuchokera pa Malomo. Anthu a kumeneko amawadziwa ndi jekete lawo lofiirira, losuluka m'zigongono, ndi choko chimene sichichoka m'zikhadabo mwawo. Amalima chimanga ndi mtedza ngati wina aliyense, amaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi, ndipo sakonda kukweza mawu. Ndi ochepa amene amadziwa kuti bambo amenewa anapondako ku yunivesite, ndi kuti anabwerako chimanjamanja chifukwa cha funso limodzi.

Chinali chaka cha 1997, ali m'chaka chachiwiri, akuphunzira uphunzitsi wa masamu. Bambo awo anadwala nthawi yothyola fodya, iwo n'kubwerera kumudzi kukadwazika. Anakhalako milungu isanu mpaka maliro. Pobwerera kukoleji anapeza anzawo apita patali ndi masamu otchedwa kalikulasi, ndipo mayeso atabwera analephera. Anawapatsa mwayi wolembanso kamodzi, uja ophunzira amautcha sapu. Wolephera sapu ankalongedza katundu.

Tsiku la sapu mafunso atatu oyamba anayenda bwino ndithu. Lachinayi linali lalifupi, mzere umodzi wokha: intigireti 1/(x² + 6x + 13). A Reinford anachita zimene anazolowera, kufuna kuphwanya chapansicho kuti chikhale mabulaketi awiri. Anasaka manambala awiri oti pochulukitsana apereke 13, pophatikiza apereke 6. Kunalibe. Anayesa 1 ndi 13, anayesa ndi mainasi womwe, anadzaza tsamba lonse ndi zokhwatchakhwatcha, thukuta likudontha pa pepala. Nthawi inatha funsolo lili chomwecho.

Panja anakumana ndi Vinsenti, mnzawo wa chipinda chimodzi wa ku Bowe, amene analembanso sapuyo.

"Lachinayi lija linalakwika, eti? Silikuphwanyika," anatero a Reinford.

"Silikuyenera kuphwanyika, achimwene," anayankha Vinsenti. "Mungokwaniritsa sikweya basi, za Fomu 3 zija."

Anatola kamtengo n'kulemba pa dothi pansi pa mtengo wa jakaranda. Theka la 6 ndi 3. Sikweya ya 3 ndi 9. Ndiye x² + 6x + 13 ndi chimodzimodzi (x + 3)² + 4. Pansi pakakhala sikweya kuphatikiza sikweya inzake, yankho ndi akitani, ndipo poti 4 ndi sikweya ya 2, yankho ndi ½ arctan((x + 3)/2) + C. Mizere itatu yokha.

A Reinford anayang'anitsitsa mizereyo. Kukwaniritsa sikweya ankakudziwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, moti ankathandiza anzawo m'kalasi. Njira ya akitani anaiona m'notsi zimene anakopera. Chimene sanamvepo n'chakuti ziwirizi zimakumana, chifukwa tsiku limene aphunzitsi anazilumikiza iwo anali kumudzi, akutembenuza bambo awo pamphasa. Zotsatira zitatuluka anaperewera ndi mamalikesi anayi. Funso lija linali la mamalikesi khumi.

Anakwera basi ndi sutikesi yawo yachitsulo, natsika pa Malomo dzuwa lili pamutu. Patapita zaka ziwiri analowa koleji ya aphunzitsi a pulayimale, ndipo popeza masekondale oyendera ankasowa anthu a masamu, anawatumiza kumene ali mpaka lero. Anakwatira Elube, mwana wa katekisiti, n'kubereka ana anayi. Vinsenti anamaliza digiri, kenako anapita kunja. Makalata ake anabwera awiri, n'kusiya.

Chaka chilichonse, teremu yachiwiri, a Reinford ankafika pa mutu wa kukwaniritsa sikweya ndi a Fomu 3. Ana a sukulu ankati tsiku limenelo aphunzitsi amasintha. Ankalemba pang'onopang'ono, nkhope itawala, ndipo akamaliza ankaima kaye choko chili m'manja.

"Izitu sizithera pano," ankatero. "Kutsogolo kuli masamu ena okoma amene amadalira zimenezi."

"Atiwo, sala?"

"Si a silabasi yanu. Mukapita kukoleji mukawapeza."

Belu linkalira, ana n'kuthamangira panja. Iwo ankatsala akufufuta bolodi. Panalibe munthu m'dera lonselo amene akanacheza naye za masamu amenewo. Ahedi ankaphunzitsa mbiri yakale, abambo mfumu ankangoseka, Elube ankamvetsera mwaulemu kwinaku akusenda mtedza. Nthawi zina akakwera pamwamba pa phiri kukaona mbuzi, n'kuona msewu wofiira ukutsetserekera cha ku Dowa, mtima unkawauza kuti moyo wawo weniweni unadutsa msewu umenewo iwo atatsala.

M'chaka cha 2021 kunabwera kalata ku sukulu yonena kuti aphunzitsi angathe kuchita digiri ali pantchito, kumawerenga kunyumba n'kumapita kukoleji patchuthi. A Reinford anaisunga kalatayo milungu itatu m'thumba la jekete. Amene anaipeza ndi Elube, pochapa.

"Bambo a Tadala, izi mwabisiranji?"

"Ndakula, mayi. Zaka 47. Ndikakhale pa desiki limodzi ndi ana amene ndinawaphunzitsa?"

"Nanga mukukhalira bwanji pano? Chaka ndi chaka mukamaliza mutu wanu uja mumabwera kuno ngati mwachokera kumaliro. Lembani, tione."

Analemba, ndipo anawatenga.

A m'dera la Malomo amene anatengedwa pa masamu analipo atatu: iwo, a Mose Kalonga a pasukulu ina ya kumunsi kwa mtsinje, ndi Margareta Jere, mphunzitsi wachitsikana wa pa Malomo pomwepo, wolankhula mwachangu ndi wosaopa kutsutsa. Anagwirizana zokumana Loweruka lililonse m'mawa m'kalasi ina ya pulayimale. A Reinford ankanyamuka mame asanaume, mabuku atawakulunga m'pepala la pulasitiki pa kaliyala. Kwa nthawi yoyamba chichokere kukoleji anali ndi anthu okangana nawo za masamu, ndipo ankabwerera kunyumba akuimba chamumtima mtunda wonse.

M'chaka chachiwiri anafika pa intigireshoni, mutu uja unawagwetsa pa sapu. Asainimenti itabwera pafoni ya Margareta, a Reinford anaona funso lachiwiri: 1/(x² + 6x + 5). Anaimirira osadikira kupemphedwa.

"Ili ndisiyireni. Ndakhala nalo zaka makumi awiri ndi zisanu."

Analemba pabolodi mothamanga, theka la 6, sikweya yake, bulaketi, ndipo dzanja linapita lokha kukamaliza ndi ½ arctan((x + 3)/2) + C. Anaika choko pansi. A Mose anayamba kukopera.

"Pepani aphunzitsi," anatero Margareta, "koma pamenepo ayi."

"Madamu, funso ili ndikulidziwa ngati dzina langa."

"Mukudziwa lina, osati ili. Taonani, 5 kuchotsa 9 ndi zingati?"

A Reinford anayang'ana. Iwo analemba (x + 3)² + 4, koma 5 kuchotsa 9 ndi mainasi 4. Chapansicho chinali (x + 3)² − 4.

Margareta anabwera kubolodi. "Kukakhala pulasi, chapansi sichifika pa ziro, sichiphwanyika, yankho ndi akitani. Koma apa pali mainasi. Sikweya kuchotsa sikweya imaphwanyika: (x + 3 − 2) ndi (x + 3 + 2), ndiye kuti (x + 1)(x + 5). Tikagawa tipeza kota ya 1/(x + 1) kuchotsa kota ya 1/(x + 5). Yankho ndi logi." Analemba ¼ ln|(x + 1)/(x + 5)| + C.

A Mose anaweramira m'kope mwawo. A Reinford anakhala pansi pa kadesiki ka ana, mawondo atatulukira m'mbali, n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka kupukuta m'maso. Kenako anawafotokozera anzawowo zonse, za sapu, za Vinsenti, za mamalikesi anayi, nkhani imene ngakhale ana awo sankaidziwa.

"Nthawi ija ndinakakamira kuphwanya chosaphwanyika," anatero. "Lero chabwera chophwanyika, ine osachiyang'ana n'komwe."

"Ndiye kuyambira lero," anatero Margareta, "tikakwaniritsa sikweya tizinena mokweza, pulasi kapena mainasi, tisanalembe kanthu."

Anachitadi zimenezo. Masiku a Loweruka atatu otsatira anapanga mafunso okhaokha a mtundu umenewu, oposa makumi anayi, wina akulemba, awiri akufuula chizindikiro. Amayi ogulitsa zitumbuwa panja ankadabwa kuti aphunzitsi akuluakulu akukuwiranji.

Mayeso anakalembera kukoleji mwezi wa Ogasiti. Funso lachisanu linali 1/(x² − 4x + 29). A Reinford anaika cholembera pansi kaye, napuma. Theka la mainasi 4 ndi mainasi 2, sikweya yake 4, 29 kuchotsa 4 ndi 25. Analemba (x − 2)² + 25, nanong'ona okha kuti pulasi, mpaka woyang'anira mayeso anawacheukira. Yankho linali ⅕ arctan((x − 2)/5) + C. Analiwerenga katatu.

Zotsatira zinatuluka mu Okutobala. Kunyumba kwawo foni sigwira bwino, choncho anakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Anapeza 71 pa kalikulasi. Anaimirira pomwepo nthawi yaitali, mphepo yotentha ikuomba m'minda yopanda kanthu. Anatsika n'kukauza Elube, amene analulutira mpaka aneba anatuluka, ndipo tsiku limenelo kunaphedwa tambala.

Koma gulu lija silinakhalitse. Mu Januwale Margareta anamusamutsira ku Lilongwe kutsatira mwamuna wake. A Mose analephera maphunziro awiri, nati ayambe apumula chaka chimodzi, ndipo mpaka pano sanabwerere. Margareta amatumiza mauthenga pafoni, nthawi zina chithunzi cha funso limene lamuvuta, koma uthenga umafika patapita masiku awiri, mkangano utazizira kale.

A Reinford atsala ndi chaka chimodzi kuti amalize digiri, ndipo akadzaitenga adzaigwiritsa ntchito zaka zosakwana khumi asanapume. Amadziwa zimenezo, ndipo sadandaula pagulu. Loweruka amapalasabe njinga kupita ku Malomo, ati kumeneko ndi kumene foni imakoka notsi msanga. Mlonda wa pasukulupo amawatsekulira kalasi ija. Amakhalamo okha mpaka masana, akulemba pabolodi, ndipo galimoto ikaima pamsewu amatukula mutu kuyang'ana pazenera kuti aone amene watsika.