Kaboni wa ku Champhira

Modester Shaba, amene tonse pa boma la Mzimba timangowatcha NyaShaba, anaphika pa lesitihausi ina zaka khumi ndi zitatu osajomba. Ngakhale malungo ankadwalira pamoto. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, koma akati ayi, ngakhale ngolo siingawasunthe.

Mu 2011 mlongo wawo wa kutchalitchi, a Zondwayo Tembo a ku Champhira, anamangidwa powaganizira kuti anaba ng'ombe. Bodza lenileni! Tsiku limene ng'ombeyo inasowa, bamboyu anali pachipatala kudikirira mkazi wake wodwala, ndipo NyaShaba ndi amene ankawapititsira chakudya m'mawa ndi madzulo. A Tembo atawatchula kuti ndiwo mboni yawo, khoti la majisitireti linatumiza samani yowaitana Lachinayi.

Lolemba NyaShaba anapita nayo kwa manijala wa lesitihausiyo, a Kizito Phiri, ochokera ku Dedza, munthu woyenda ndi makiyi m'chiuno ngati woyang'anira ndende.

"Bwana, ndapota, Lachinayi mundimasule," anatero NyaShaba. "Ndine kaboni kukhoti."

Pa Chitumbuka kaboni ndi mboni. Koma a Phiri, amene anakhala kuno zaka zisanu osaphunzira ngakhale moni wa Chitumbuka, ankangodziwa kaboni wa pepala lakuda lija lodindira makope. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Kaboni? Chabwino, mayi. Kaboni amangotsatira zimene zalembedwa pamwamba. Pamwamba pano ndine, ndipo ndalemba kuti Lachinayi kuli alendo a msonkhano makumi anayi. Simuchoka."

"Iyi ndi samani, bwana. Ndikapanda kupita, khoti lingatume apolisi kudzandigwira. Ndiponso munthu wakhala mu limandi miyezi iwiri popanda chifukwa."

"Ndi m'bale wanu? Mukatuluka pageti Lachinayi, musadzabwerenso."

Pepalalo sanaliwerenge n'komwe. Ine zimandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa pamalopo panali ophika ena awiri.

Lachinayi NyaShaba anafika mamawa monga mwa masiku onse. Anasenda mbatatesi, kudula kabichi, kutereka nyemba. Itakwana hafu seveni anasamba m'manja, napinda epuloni bwinobwino, n'kukaiika patebulo la manijala.

"Mwaganiza bwino?" anafunsa a Phiri.

"Chomene. Nyemba zili pamoto, muzithirira madzi. Yewo."

Kukhoti anadikira pabenchi mpaka masana. Atawaitana, anaona a Tembo m'bokosi la oimbidwa mlandu, ataonda, malaya akuwalendewera, ndipo mantha onse anawathera pomwepo. Anagwira Baibulo n'kulumbira. Womasulira anawafunsa dzina, mudzi ndi mfumu, kenako ntchito imene amagwira.

NyaShaba anayang'ana majisitireti.

"Mpaka hafu seveni m'mawa uno ndinali wophika. Pano ndilibe ntchito, mbwenu ndilibenso changu. Funsani zonse, ndiyankha."