Malonje anga kwa amfumu

Chaka chimene mkazi wanga Esinati anamwalira, boma linandituma kukaphunzitsa kufupi ndi Kabudula. Mphunzitsi watsopano sayamba ntchito asanakaonekere kwa amfumu, choncho njira yonse ndinkabwereza mwambo ngati mayeso a kukoleji.

Njinga ndinaitsamiritsa patali, ndinavula chipewa, ndinaodira. Mpando wopanda munthu unalipo, koma ndinakhala pamphasa, miyendo nditapinda kuti isaloze kwa amfumu. Mlendo sayamba kupereka moni, ndiye ndinadikira, zala zikungosewera ndi chipewa. Amfumu atamaliza kumanga fodya wawo anati, "Takuonani, aphunzitsi." Ndinaomba m'manja mofungatira, nditawerama. "Zikomo, Gogo Chalo."

Kenaka nduna yawo inafunsa malonje. Pamenepo mlendo amafotokoza za ulendo ndi za kumene wachoka, kaya kuli matenda kaya maliro. Ndinatchula mvula, chimanga, ngakhale tayala limene linaphwa pa Nsaru.

"Nanga mayi mwawasiya bwanji?" inatero nduna.

"Ali bwino."

Nduna inatembenukira kwa amfumu n'kubwereza mokweza, monga mwa mwambo: "Akuti mayi ali bwino!" Onse anaomba m'manja. Ndinali ndi mpata wokonza mawuwo, koma anandikomera m'khutu, ndipo nanenso ndinaomba nawo.

Potsazikana amfumu anandipatsa nkhuku yathadzi. "Iyi si yanu, aphunzitsi, musadye panjira. Mukawapatse mayi."

Ndinaimangirira kumbuyo kwa njinga. Inalira njira yonse, ndipo sindinaidye.