Phiri Limene Ndinauza Anthu Kuti Alime

Ntchito yanga yoyamba ya ulangizi wa zaulimi ndinakaigwira kumpoto, kufupi ndi Uraha, nthawi ija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ndinachokera ku Ntcheu, Chitumbuka ndisakuchidziwa ngakhale moni. Nyumba imene anandipatsa inali m'tsinde mwa phiri, ndipo kuseri kwake kunkadutsa kamtsinje kosaphwa ngakhale mu Okutobala. Madzi ake anali ozizira, oyera moti unkaona timiyala pansi. Phirilo linali lodzaza ndi mitengo ya mombo ndi masuku, m'mbali mwa madzi muli mibawa ikuluikulu. Mpaka lero ndikamva kutentha, mtima umathamangira pamthunzi umenewo.

Oyandikana nane anali bambo ena amene anaphunzira Chichewa kumigodi. Iwo ndiwo ankandimasulira pamisonkhano. Anali ndi munda wa mpunga kuchidikha, kumene kamtsinjeko kankafalikira, ndipo akazi awo ankandipatsa bowa wa m'phirimo mvula ikagwa. Tinazolowerana ngati pachibale.

Ku ofesi ankatiuza kuti minda ikule, aliyense alime thonje. Malo akuchidikha anali atatha, choncho tsiku lina ndinawalozera bambo aja phiri.

"Bambo, malo onsewa angokhala. Tsegulani munda kumtundaku, ena aonere inu."

"Alangizi, potsetsereka chonchi dothi likhala?"

"Mukalima mizere yopingasa likhala."

Sanatsutse. Masiku amenewo munthu waboma akalankhula, anthu ankangovomera kuti yewo.

Anagwetsa mitengo chilimwe chomwecho, mabanja ena n'kutsatira. Mng'ono wawo ataona zipika zili mbwee, anaziunjika, n'kuzikwirira ndi udzu ndi dothi, n'kuyatsa moto wonyeka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Msewu waukulu unali utangothiridwa phula, ndipo matumba a makala ankakwera malole opita kuboma. Posakhalitsa anthu anayamba kudula mitengo chifukwa cha makala okha, ngakhale pamalo amiyala posalimika. Kenaka kunabwera ocheka matabwa. Ankakumba dzenje, wina pansi wina pamwamba, sowo ili pakati, ndipo mibawa ya kumtsinje inatha umodziumodzi. Inenso ndinagulako matabwa a tebulo langa.

Zaka ziwiri zoyamba thonje linachita bwino, chifukwa nthaka inali idakali ndi chonde cha masamba owola ndi phulusa. Akuluakulu a ku ofesi anabwera kudzaona, anandiyamikira. Koma pansi mizu ya mitengo inali kuwola, ndipo pamwamba panalibenso chotchinga madontho a mvula.

Chaka chachinayi, mu Malichi, kunagwa mvula yamphamvu masana. Tinamva mkokomo kuphiri. Mizere ija inaphulika motsatizana, madzi ofiira anatsika ndi dothi, zitsa ndi miyala, n'kukumba chigwembe chozama kuposa msinkhu wanga. Mvula itakata, ndinatsikira kuchidikha. Ndinawapeza bambo aja ataima m'munda mwawo, mchenga utakwirira mpunga umene unali utayamba kufula. Ankafukula ndi phazi, n'kumayang'ana.

"Pepani, bambo. Ndine ndinakuuzani," ndinatero.

"Munanena ndinu, koma nkhwangwa ndinagwira ndine," anayankha motsitsa mawu. "Tiyeni kunyumba, mwanyowa."

Chaka chimenecho kamtsinje kanaphwa mu Ogasiti. Amayi anayamba kukumba mumchenga n'kumadikira madzi kuti asonkhane m'chikho. Anthu ankati mvula yathawa pamodzi ndi mitengo, ndipo zinkaonekadi choncho, chifukwa kunkatentha kwambiri, mbewu n'kumafota mvula ikangodukiza masiku ochepa. Koma ine ndinali ndi chida choyezera mvula pabwalo, ndipo sichinkasonyeza kusiyana kwenikweni. Mvula inkagwa, koma sinkalowanso pansi. Inkathamanga tsiku limodzi kupita kunyanja, osasiya madzi oti akasupe azitulutsa m'chilimwe.

Tinayesa kubzala mitengo m'mbali mwa chigwembe, ine ndi bambo aja. Ina inadyedwa ndi mbuzi, ina inapsa ndi moto wolusa, yochepa inagwira. Kumtunda thonje linkangofika m'mawondo, pamiyala pokhapokha. Pamapeto pake bambowo anasamukira kwa achibale a akazi awo cha ku Songwe, kumene anamva kuti kuli malo a mpunga. Tsiku lonyamuka ndinawathandiza kukweza mtondo ndi mphasa pa lole. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Patapita miyezi ingapo inenso anandisamutsira kum'mwera. Ndinawalembera makalata awiri kudzera kutchalitchi kwawo, koma yankho silinabwere. M'madera onse amene ndinagwirako ntchito pambuyo pake, sindinauzenso mlimi kuti alime potsetsereka. Ndikanakonda ndikanawauza zimenezi bambo aja, titakhala pansi, ndikuyesa Chitumbuka changa chopunduka chimene chinkawaseketsa kwambiri.