A Hilda Phiri Anakana Kusaina

Ku Mkaika mukafunsa za a Hilda Phiri, anthu amayamba aseka asanayankhe. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, woti akayankhula pachitsime a kudimba amamva. Sukulu analekezera Giredi 7. Amuna awo anapita kumigodi ku Kitwe n'kuiwala njira yobwerera. Mu 1979 mwana wawo wachiwiri anatsekula m'mimba masiku awiri okha, lachitatu anakamuika. Za mwanayo sankakonda kunena, koma chinawapweteka moyo wawo wonse n'chakuti anamumana madzi poganiza kuti akumuthandiza.

N'chifukwa chake mu 1986, bungwe lina la zaumoyo litabwera ku Katete kufuna anthu odzipereka oti aziphunzitsa anzawo m'midzi, a Hilda anali oyamba kulembetsa. Anawaphunzitsa sabata imodzi, n'kuwapatsa njinga ndi buku la mphunzitsi lotchedwa gaidi. Njingayo inali ya bungwe, ndipo lamulo linali loti aliyense adzayesedwa pamaphunziro ake oyamba. Wolephera kutsata buku adzalandidwa njinga ndi udindo womwe.

Bukulo analemba ndi munthu wanzeru, pamenepo sitingakane. Tsiku lonse linali logawidwa bwino. Naini koloko, kudziwana mayina, mphindi khumi ndi zisanu. Kenako kukambirana m'magulu mphindi makumi anayi za zizindikiro za mwana amene madzi atha m'thupi. Leveni koloko, mphunzitsi asonyeze kapangidwe ka madzi a shuga ndi mchere, mphindi makumi awiri. Masana sewero, pomaliza mayeso olemba. Patsamba lomaliza panali zipangizo: choko, mapepala, mapensulo, botolo la lita imodzi, supuni yaing'ono, shuga, mchere, ndowa ya madzi owiritsa. Koma wolembayo zikuoneka kuti sanakhalepo ndi apongozi.

Tsiku loyesedwa linafika, Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Shuga ankasowa m'masitolo chaka chimenecho, moti a Hilda anachita kukachonderera a Haruna, mwini sitolo ku Katete, kuti awasungireko paketi. Anthu makumi atatu ndi awiri anadzaza kalasi yapasukulu, amayi pansi kumanzere, abambo pamadesiki kumanja. Pakhomo panakhala a Raphael Tembo, woyesa wochokera kubungwe, atavala tayi kutentha konseko, wotchi ataiika pafomu.

Kudziwana mayina kunatha msanga, poti anthu obadwira mudzi umodzi angadziwanenso chiyani? Vuto linayamba pamagulu. Buku linkati anthu awerenge wani, thu, firii, folo motsatana, onena nambala imodzi akhale gulu limodzi, amuna ndi akazi osakanikirana. A Hilda anachita momwemo. Nambala zinaika a Kalisto m'gulu limodzi ndi amayi Emelia, amayi a mkazi wawo. Mkamwini amene akawaona apongozi panjira amapatukira kutchire, lero akhale nawo maso ndi maso, azikamba za chimbudzi cha mwana! Amayi Emelia anafunda chitenje kumutu n'kuyang'ana khoma. A Kalisto anangoti maso pansi, thukuta kamukamu. M'magulu enawo zinali chimodzimodzi, kalasi yonse zii.

Mphindi khumi zinatha osamveka ndi chifuwa chomwe. A Hilda anayang'ana bukulo, n'kuyang'ana amayi aja ali ndi ana kumsana, mtima unawawira. Analitseka bukulo kuti phwa!

"Amayi nonse, tiyeni pansi pa mtengo wa mango. Abambo tsalani muno, ndikupezani."

A Raphael anadzuka. "Mai Phiri, imeneyo si pulogalamu. Gaidi ikamba kuti magulu akhale osakaniza."

"Gaidi yanuyo ikasakanize apongozi ake. Kuno ayi."

Pansi pa mtengo amayi anamasuka pakamwa ngati atsegulidwa. Anafotokoza za liwombo lolowa, maso olowa, mwana wosakodza. Amayi Emelia omwe aja anaulula kuti iwo amaletsa ana awo kuyamwitsa mwana akamatsekula, ndipo a Hilda anawauza mosapita m'mbali kuti bere lisamaleke. Mphindi makumi anayi zija zinasanduka ola ndi theka, iwo akuthamanga pakati pa mtengo ndi kalasi.

Pakapangidwe ka madzi m'pamene anathyoleratu lamulo. Buku linkati mphunzitsi apange yekha, anthu aziona. A Hilda anapanga kamodzi: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira, mchere theka la supuni. Atatero anaika supuni m'manja mwa mayi woyamba.

"Kuona si kudziwa. Aliyense apange ndi manja ake, alawe. Mchere usapose wa misozi."

Woyamba anathira mchere ngati akukoleretsa ndiwo, anzake atalawa analavula, kuseka kunali kosasimbika. Anabwereza mpaka anakhoza. A Kalisto anakhoza ulendo woyamba, n'kuyamba kuyenda monyada ngati dokotala. Madzi atatha m'ndowa anawiritsa ena n'kudikira kuti azizire. Sewero silinachitike. Mapepala a mayeso anangokhala m'katoni, pakuti mwa anthu onsewo odziwa kulemba anali asanu ndi awiri okha.

"Taimu, Mai Phiri, taimu!" a Raphael ankangobwereza, akuloza wotchi.

"Wotchiyo ikatopa igone, bambo. Atsala anayi."

Anthu atabalalika, dzuwa litapendeka, a Raphael anawaitanira m'kalasi. Sanali munthu woipa, anali munthu wa fomu basi. Pafomupo panali zigawo zisanu, ndipo a Hilda anatsata chimodzi chokha, cha mayina chija.

"Ine sinifuna kukuvutitsani," anatero a Raphael. "Sainani apa kuti munalakwitsa ndipo ulendo wina muzatsatira gaidi. Njinga izakhala yanu."

A Hilda anaiyang'ana njingayo pakhomo. Ankaikonda, tisanamizane. Inali chinthu choyamba chamawilo kulowa pakhomo pawo, ndipo popanda iyo midzi yakutali inali ulendo wa maola atatu wapansi.

"Lembani kuti anthu makumi atatu ndi awiri apanga madzi ndi manja awo, ndipo onse akhoza. Pamenepo ndisaina kawiri."

"Palibe malo olemba zimenezo pafomu."

"Ndiye dzina langanso lilibe malo. Mukufuna ndilonjeze kuti ndidzakhazikanso anthu chete tsiku lonse, apite kwawo opanda kanthu? Ine ndinaika mwana chifukwa cha kusadziwa. Zimenezo sindisainira."

A Raphael anapinda fomu ija. Kenako anakweza njinga ija m'galimoto la bungwe, pamodzi ndi buku, choko ndi katoni ya mapepala. Atagwira botolo ndi supuni, a Hilda anawagwira dzanja.

"Izo n'zanga. Ndinachoka nazo kunyumba."

Galimoto litapita anakhala pakhonde la kalasi n'kulira pang'ono, chifukwa zinawawawa kwambiri. Atatha anapukuta m'maso, n'kuika botolo ndi supuni m'ndowa. Amayi Emelia, amene ankadikira pamtengo paja, anabwera kudzawasenzetsa.

"Kwa achemwali anga kutsidya kwa dambo ana akutsekula kwambiri. Koma poti njinga yapita..."

"Yapita ndi miyendo yanga kodi? Kawauzeni awiritse madzi Loweruka. Amayi akhale paokha, abambo paokha."