Velo ya achemwali pa nsalu yakuda

Chithunzi cha ukwati wa achemwali anga ndinajambula ndine, ku Kachulu. Chitatsukidwa ku Zomba, tinapeza kuti kumbuyo kwawo kuli mathandala a matemba ndi chidakwa chitayasama. Achemwali analira, poti chithunzi chawo chinali chokhacho.

Akwatiwo ndinawadula ndi lezala n'kuwamata pa kalendala ya phiri. Koma velo imaonekera, ndiye matemba ndi mano a chidakwa anatsalira m'kati mwake.

"Ingochotani veloyo," anatero alamu.

Ine ndinati, "Kuti anthu aziti analowa m'banja mozemba? Kachotseni ndevu zanuzo!"

Pa pepalapo ndinaidula ndithu, koma ndinakatenga velo yeniyeniyo. Ndinajambula chomatacho, kenako osapukusa filimu ndinayala velo pa nsalu yakuda, kuyerekeza pomwe panali mutu, kuti ndijambulenso pomwepo. Chakuda sichilemba kanthu pa filimu, choyera chokha ndicho chimalowa.

Azakhali anandipezerera. "Iwe! Velo ya mkwatibwi pa nsalu ya maliro? Ukufuna kumulodza mlongo wako?"

"Ngati ndi ufiti, azakhali, ukatsukidwa ku Zomba. Tasunthani, mukunditchinga dzuwa!"

Ndinatha filimu yonse, velo ikumagwera pamphuno, pena paphewa. Zithunzi zitatsukidwa, chimodzi chokha chinakhala bwino: velo ili pamutu, phiri likuoneka mwachizimezime m'kati mwake. Achemwali anachipachika pakhoma tsiku lomwelo.

Azakhali anandinyanyala mpaka tinakolola mpunga, akudikira kuti ndipepese. Ndipepese chiyani? Banjalo lilipo mpaka lero.