Chigwada cha Papa Mavungu

Ku Logan kuno, ukafunsa Akongo kuti ndani ali ndi mtondo, amakulozera kwa Mama Wumba ku Woodridge. Ena onse amagula chigwada chopera kale cha m'mapaketi, chouma gwa ndi kuzizira, ndipo Mama Wumba amadya akawapatsa, koma nkhope yawo imanena zonse. Iwo anabwera kuchokera ku Matadi zaka khumi ndi zinayi zapitazo, mtondo wawo atausiya m'manja mwa mng'ono wawo, chifukwa anauzidwa kuti zinthu za mtengo zimavuta pa bwalo la ndege. Amuna awo, a Lukau, anapirira dandaulo kwa chaka chathunthu, kenako anapempha chipika cha mango kwa munthu wina amene ankadula mtengo pakhomo pake, n'kusema mtondo wopendekeka pang'ono. Mpaka lero amaunyadira ngati anamanga tchalitchi.

Kuseri kwa nyumba yawo kulibe kapinga. Kuli chinangwa chokhachokha mpaka ku mpanda, ndipo sachikumba kawirikawiri, chifukwa chimene amafuna ndi masamba. Kwawo ndiwo imeneyi amati pondu, ndipo Mama Wumba salola kuti munthu aitchule mopepuka.

Ntchito yawo ndi ya m'khitchini pa nyumba ina yosungira okalamba. Amatsuka mapoto, kusenda mbatata ndi kukankha kangolo ka chakudya m'zipinda. M'chipinda china chakumapeto munkakhala Papa Mavungu, mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu, amene kale ankakonza injini za sitima pa doko la Matadi. Mutu unali utayamba kuwathawa. Chingerezi chonse anali ataiwala, n'kutsala ndi chilankhulo cha kwawo, choncho m'nyumba monsemo wocheza naye anali Mama Wumba okha.

Ndiye mkuluyo anasiya kudya. Mbale ikabwera ankangoiyang'ana, n'kutembenukira kukhoma. Tiyi yekha ndiye ankapsontha. Lachisanu namwino wamkulu, Kerry, anaitana Mama Wumba pambali.

"Adokotala anena kuti akafika Lolemba asanadye, apita kuchipatala kukawaika kapaipi kodyetsera. Mwana wawo wa ku Perth walira pa foni. Inu mumamva zonena zawo, akufuna chiyani?"

"Sanena kanthu. Koma mundilole ndiwaphikire za kwathu mawa."

Kerry anavomera, bola zikhale zofewa ndipo musakhale minga.

Loweruka m'mawa Mama Wumba anathyola nsonga zanthete matumba awiri, nakweza mtondo ndi munsi m'galimoto. Masamba anawasiya pa tebulo la m'khitchini, nauza wophika wamkulu kuti akubwera pompano. Wophikayo ndi Tavita, Msamoa wamkulu ngati chitseko, wa mtima wabwino wopitirira muyeso, ndipo anthu otere ndi amene amakuphera galu pofuna kumusambitsa. Tsiku limenelo wantchito mmodzi sanabwere, choncho Mama Wumba anatumidwa kukagawa chakudya cham'mawa mbali ziwiri za nyumbayo, kenako kukasonkhanitsa mbale. Mapanga awiri avumbwitsa. Pobwerera ku khitchini, nthawi inali itatsala pang'ono kukwana thwelofu.

Anapeza Tavita akumwetulira mano onse pamtunda. Pa kangolo panali kambale kolembedwa dzina la Papa Mavungu, muli phala lobiriwira bwino, losalala ngati mafuta odzola.

"Mama, ndakuthandizani! Ndaika pa nthunzi mphindi zisanu ndi zitatu, monga timachitira masamba onse, kenako ndapera m'makina. Taonani mtundu wake."

Mama Wumba anatenga kambaleko, nakhuthulira m'bini. Kenako mawu anabwera onse pamodzi.

"Mwanawe, ukufuna kundiphera nkhalamba? Walawako?"

"Kasupuni kamodzi. Kakuwawa pang'ono, ndimati ndi mmene mumakondera."

"Mmene timakondera! Iwe kwanu chinangwa simudya?"

"Timadya, Mama, koma cha pansi. Masamba ife timadya a koko."

"A koko amene amayabwa pakhosi ukawaphula msanga?"

"Omwewo."

"Ndiye awa sayabwa, amangokhala phee ngati munthu wabwino. Muli poizoni umu. Iwe ndi thupi lakoli kasupuni sikakuchita kanthu, koma mkulu uja, m'mimba mopanda kanthu sabata yathunthu, bwenzi pano tikuona chizungulire ndi kusanza, kaya zoposa pamenepo."

Tavita anagwira pakamwa, maso ali tong'o. Mama Wumba ataona kuti chimunthu chonsecho chatsala pang'ono kulira, mtima unawagwa. Mwamwayi Tavita anali atangophika theka la thumba limodzi.

"Basi, usandilirire pano. Kanditengere mtondo m'galimoto. Manja amenewo lero agwira ntchito yake."

Anakhazika mtondo pa khonde la kuseri, pamene pali chitofu cha gasi chowotchera nyama pa zikondwerero. Mama Wumba anachotsa timapesi tonse, natsuka masamba kawiri, n'kuyamba kuthira m'mtondo pang'onopang'ono pamodzi ndi anyezi ndi adyo. Tavita, atatha kugawa chakudya cha masana, anabwera kudzalandira munsi. Anamenya kamodzi kokha, masamba n'kuulukira pa nsapato zake.

"Sukupha njoka iwe! Munsi umagwa wokha, iwe ungouperekeza."

Uku Tavita akusinja, Mama Wumba anamuuza zimene iwo anauzidwa ndi azakhali awo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsamba la chinangwa limasunga poizoni wake m'kati, ndipo likakhala lathunthu samatuluka msanga. Ukalisinja laliwisi, lisanaone moto, umaliswa paliponse, poizoniyo n'kuyamba kumasuka. Fungo lakuthwa lija limene limakwera m'mphuno pa mtondo ndi iyeyo akuchoka. Wotsalayo amathamangitsidwa ndi moto.

Du, du, du, munsi unkamveka mpaka m'zipinda. Agogo ena achizungu anasuzumira pa mawindo kuti aone amene akumanga nyumba Loweruka. Posakhalitsa Kerry anatulukira akukankha Papa Mavungu pa njinga ya olumala.

"Akhala akuloza panja ndi kukalipa. Sindikumva, koma ndikuganiza kuti akufuna kuno."

Mkuluyo anayang'ana Tavita kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira kwa Mama Wumba.

"Mwana wanga, chimphona ichi mwachitola kuti? Chikusinja ngati chikukhoma msomali."

"Ndi wophunzira, Papa. Mumukhululukire."

"Kumva kokha ndinadziwa kuti si mkazi ameneyo. Mlandeni munsiwo asanaswe mtondo wa eni."

Awa anali mawu ambiri kuposa onse amene ananena mwezi wonsewo. Mama Wumba anaseka mpaka misozi, ndipo Tavita, atamasuliridwa, anawerama ngati walandira mphoto. Analandira munsi mayiwo, namaliza okha mpaka masamba anasanduka phala lokhakhala, lonyowa ndi madzi ake omwe.

Anathira m'poto wamkulu, madzi mpaka kumiza, moto waukulu. Tavita anabwera ndi chivindikiro.

"Chotsa icho! Ukavindikira, poizoni adzera kuti? Asiye apite ndi nthunzi."

Anawira choncho poto uja, thovu lobiriwira likukwera, Mama Wumba akutakasa. Patapita theka la ola anachepetsa moto, nathira mabilinganya oduladula, n'kumusiya azibwata pang'onopang'ono. Madzi akachepa ankawonjezera otentha. Kenako anakhala pansi ndi nsomba yowamba imene anaiviika, nayamba kuchotsa minga umodzi umodzi, Kerry ataima pambali ngati wapolisi.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Kerry.

"Maola awiri, mwina kuposa. Poizoni amachoka msangako, koma tsambali ndi louma mutu. Ukaliphula msanga umatafuna ngati mbuzi, ndipo mkamwa mumatsala kuwawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Apa ndi pamene Mama Wumba anayamba kuopa. Papa Mavungu sakhala pa njinga nthawi yaitali, amatopa n'kuyamba kusinza, ndipo akagona masana sadzuka ndi mtima wofuna chilichonse. Ola loyamba litatha, mutu wawo unayamba kugwera pachifuwa. Kerry anayang'ana wotchi, nanong'ona kuti mwina angowapatsako pang'ono pompano, maso akadali otsegula. Mama Wumba anasuzumira m'poto. Munali mukadali mobiriwira. Mtima unkawauza kuti apakule, koma anakana.

"Iyayi. Sizinapse."

M'malo mwake anatenga mthiko, natapa pang'ono, n'kuufikitsa pafupi ndi mphuno ya mkuluyo.

"Papa, tandithandizani. Ine ndakhalitsa kuno kwa azungu, ndaiwala. Zapsa izi?"

Anatsegula diso limodzi, nanunkhiza.

"Mukufuna kupha ndani? Zikununkhabe munda izi. Bwezerani."

Kuyambira pamenepo tulo tinatha. Mkuluyo anakhala kapitawo wa poto. Mphindi khumi zilizonse ankafuna mthiko, n'kupukusa mutu. Anafunsa ngati mafuta alipo, ndipo ataona botolo la mafuta ofiira a mawese, aja a zipatso za kanjedza, analamula kuti asathire msanga. Anasimba za mayi wina wa pa doko amene ankagulitsa chigwada ndi mpunga, amene poto wake ankamukhazika pa moto sitima ya m'mawa isananyamuke, n'kuphula ya masana ikufika. Dzina la mwana wawo amaliiwala masiku ena, koma la mayi ameneyo analitchula lonse.

Cha m'ma thili koloko mtundu unasintha. Kubiriwira kuja kunazimirira, ndiwo n'kuda bii ngati masamba a fodya, fungo lakuthwa litatheratu. Mama Wumba anatapa pang'ono, nafikisa pakati pa zala, ndipo zinangosungunuka. Anathira nsomba, mchere ndi mafuta, nazisiya zibwatenso mpaka mafutawo anapsa n'kuyandama pamwamba.

"Tsopano," anatero Papa Mavungu, asanafunsidwe n'komwe.

Tavita anabweretsa mpunga wofewa. Mama Wumba anapakula pang'ono, chifukwa kukalipira poto ndi kwina, kudya ndi kwina. Anatenga supuni kuti awadyetse, koma mkuluyo anawalanda. Anatapa okha, natafuna nthawi yaitali, maso ali kutali.

"Tsabola mulibe," anatero.

"Adokotala amakaniza, Papa."

"Adokotala sadziwa kanthu."

Anatapanso kachiwiri, kachitatu. Kerry anatembenuka n'kumayang'ana mpanda, akupukuta m'maso ndi dzanja. Tavita anayamba kuimba nyimbo ya kwawo chapansipansi, uku akupakulira agogo awiri amene fungo linawakoka kuchokera m'zipinda. Mama Wumba anangokhala pa mpando, chimwemwe chitawadzaza.

Mbale itayera, anaimirira kuti achotse poto pa chitofu. Papa Mavungu anawagwira mkono.

"Mukupita nazo kuti?"

"Kukagawira anzathu a m'khitchini, Papa."

"Chimphonacho muchipatse pang'ono pokha. Pondu imakoma ikagona. Zotsalazo mundisungire, ndidya mawa."